Miphika Isanu ya Maluwa ndi Kalata Imodzi

Anzawo a ku bekare ankawatcha a Giyawani, ndiye kuti giya wani, chifukwa pa zaka makumi awiri ndi zitatu zomwe anayendetsa galimoto ya buledi palibe amene anawaonapo akuthamanga. Njinga zinkawapitirira. Tsiku lina, amatero onena, anapitiriridwa ndi munthu wokankha wilibala, ndipo a Giyawani anatsitsa galasi n'kumupatsa moni. Koma buledi wawo sankafika wophwanyika, ndipo galimoto yawo inakalamba yopanda chipsera ngakhale chimodzi.

Zimene misewu inalephera, maso anachita. Kumayambiriro kwa Meyi adokotala a kampani anawaimika kutsogolo kwa chikwangwani cha zilembo n'kuwauza kuti awerenge mzere wachinayi. A Giyawani anayang'ana, nayang'ananso, kenako anafunsa mwaulemu ngati mzerewo unalipodi. Madzulo ake anabweza makiyi. Anauzidwa kuti malipiro a Meyi ndiwo omaliza, ndipo kapenshoni kadzayamba kubwera mapepala akayenda, mwina miyezi itatu, mwina inayi.

Kunyumba ankakhala ndi mzime wawo, mtsikana woluka tsitsi ku saluni, amene ankayankhula ngati basi ikumusiya. Mayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Iyeyu ndiye anayala mapepala a ku banki pa tebulo n'kuloza mzere umodzi ndi chikhadabo chopaka utoto wofiira.

"Ababa, ichi ndiye chiyambe kuchoka."

A Giyawani sanafunikire maso kuti adziwe mzerewo. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo anali ndi mnzawo wonyamula mathileyi a buledi, munthu wamfupi wanthabwala, amene anakhala nawo pa mpando wakutsogolo kwa zaka khumi. Ankatchulana achimwene ngakhale kuti sanali pachibale. Wamfupiyo anadwala sabata imodzi yokha n'kupita, kusiya mkazi ndi mwana wamwamuna wa Sitandade 5. Maliro atatha, a Giyawani anakopera nambala ya akaunti ya mayiyo pa pepala la chipepeso la kuntchito, n'kupita ku banki kukasaina chimene amati sitanding'i oda: lamulo loti pa 28 mwezi uliwonse banki izichotsa ndalama yofanana mu akaunti yawo n'kuika mu akaunti ya mayiyo. Pamalo olemba cholinga analemba mawu awiri, "Za mwana."

Chodabwitsa chinali ichi: pa zaka zonsezo awiriwa sanatchulepo za ndalamayo. Mayiyo ankagulitsa maluwa ndi mbande pa msika, pakona pafupi ndi mpopi. Dzina la wotumiza linkaoneka pa uthenga wa banki pa foni yawo, choncho ankadziwa. A Giyawani ankadziwa kuti akudziwa. Koma galimoto ya buledi ikamadutsa pamsikapo, ankangoliza hutala kamodzi, mayiyo n'kukweza chitini chothirira, basi. Akakumana maso ndi maso zinali "Mwadzuka bwanji alamu?" ndi "Kaya inu alamu?" kenako za mvula. Chete wawoyo anakula ngati mtengo, mpaka onse awiri anazolowera kukhala pamthunzi pake.

"Mwana wake uja anamaliza sukulu chaka chatha," anatero mzime. "Ali ndi ndevu. Ndinamuona. Inu mudakatumizabe za mwana!"

"Ntchito sanaipeze."

"Nanga inu muli nayo?"

A Giyawani anatembenuza pepalalo. Anakanda chibwano.

"Ndiye tingoisiya," anatero. "Malipiro akasiya kulowa, akaunti iuma yokha. Banki ikapeza mulibe kanthu isiya. Alamu adzazindikira okha."

Anali munthu wolimba mtima pa zinthu zambiri. Anayendetsapo galimoto mabuleki atafa pa chitunda. Koma kuima pamaso pa mayi wa maluwa n'kunena kuti "sindingathenso," zimenezo zinkawaopsa.

Pa 10 Meyi anapita ku banki kukafunsa za penshoni, ndipo ali pomwepo anati angofunsako za odayo, ngati nkhani ya munthu wina. Mayi wa pa kauntala anali wa magalasi a tcheni, wosafulumira ngati iwo omwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

"Bambo, munthu amene mukumunenayo mumuuze kuti makina alibe manyazi. Pa 28 adzayesa kudula. Akapeza ndalama yosakwana, ndalama sipita, ndipo mwini akaunti timamulipiritsa chindapusa. Mwezi wotsatira adzayesanso, chindapusa china. Oda siifa chifukwa akaunti yauma. Imatha mwini wake akasaina kuti ithe."

"Munthuyo ndine," anatero a Giyawani motsitsa mawu.

"Ndinadziwa, bambo. Onse amene amabwera ndi nkhani ya mnzawo amakhala atanyamula chiphaso chawo chomwe."

Anawakankhira fomu. Anawafotokozera kuti iyenera kufika masiku atatu ogwira ntchito tsiku lodula lisanakwane, apo ayi ya mwezi umenewo imapitabe. Anawalozera kabokosi kena: akhoza kuletsa lero lomwe, kapena kulemba tsiku lomaliza kulipira, kuti odayo ithe yokha ikadutsa tsikulo.

A Giyawani anawerengera mumtima. Malipiro omaliza adzalowa pa 25. Akaletsa lero, ndalama ya pa 28 itsala m'thumba mwawo, ndipo inali yokwana chakudya cha masabata awiri. Koma ndiye kuti mayi wa maluwa adzangodzuka tsiku lina foni osalira.

"Lembani 28 Meyi," anatero. "Imodzi ipitenso. Munthu sutsitsa mnzako galimoto ikuyenda."

Mayi wa pa kauntala anawayang'ana kanthawi, n'kuwasonyeza ndi chala posaina, poti anaona kuti mzerewo sakuuona bwino. Anadinda, n'kuwapatsa kope lawo.

"Sungani ili. Koma china ndi ichi: ife sitiwauza olandirawo. Ife timangotseka mpopi. Kukauza mwini ndowa ndi ntchito yanu."

"Simungawalembereko kauthenga?"

"Ayi, bambo. Ndipo ngakhale tikanatha, mukanafuna amve kwa makina?"

Loweruka m'mawa a Giyawani anakhala pa khonde ndi pepala la mizere ndi cholembera chakuda chonenepa, chimene ankalembera pa mathileyi. Mzime anali kuchapa zisa za ku saluni m'beseni, akuwaponyera maso.

"Ababa, bweretsani foni. Mawu khumi okha. 'Alamu, zinthu zavuta, ndalama ija yatha, zikomo.' Ndatumiza, tamaliza."

"Umu ndi mmene umasiyirana ndi anyamata ako?"

"Iwowo ndimangowabuloka."

"Ndiye chifukwa chake amabwera kudzaima pa geti ngati mbuzi zosokera. Munthu ukamusiya osamuuza bwino, amayamba kudziuza yekha, ndipo zimene amadziuza zimakhala zoipa kuposa zoona. Alamu adzati, kodi ndalakwa chiyani? Kapena adzati banki yasokoneza, n'kukaima pa mzere tsiku lonse."

Analemba, nang'amba, nalembanso. Kalata yoyamba inali ndi masamba atatu ndipo inayambira pa tsiku lomwe anakumana ndi malemu. Yachiwiri inapepesa kasanu ndi kawiri. Yachitatu ndiyo inatsala, ya zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo, poti zing'onozing'ono sankaziona:

"Alamu, ndikulemba ndi ulemu wonse. Maso anga afooka ndipo ntchito ndasiya. Ndalama ija imene imabwera pa 28 idzabwera komaliza pa 28 Meyi. Pa 28 Juni sidzabwera, ndipo sikudzakhala kulakwitsa kwa banki. Ndaletsa ndine, ndipo ndasaina. Ndakuuzani msanga kuti ngati pali china chimene chimadalira ndalamayi mukonzeretu. Simunalakwe kanthu, ndipo palibe choti mubweze. Sinali ngongole. Ine mlamu wanu."

Mzime anaiwerenga ataima kumbuyo kwawo, manja akudontha thovu. Anatsegula pakamwa kuti aseke, koma sanaseke.

"Yakhala bwino," anatero. "Tsono mukaipereke."

Lolemba a Giyawani anavala malaya oyera ndi jekete la maliro ndi maukwati, kalata m'thumba la mkati, n'kukwera basi ngati munthu wamba. Malo a mayi wa maluwa ankaonekera patali. Pakati pa malata ndi fumbi ndi anthu okuwa mitengo ya tomato, kakona kameneko kanali ngati munthu wina anatsegula zenera loyang'ana dziko lina. Maluwa ofiira ankalendewera pa waya, mbande za mandimu zinandandalika m'machubu akuda, ndipo pansi pankakhala ponyowa nthawi zonse, ponunkhira mvula yoyamba. Mayiyo anali atawerama, akudulira kamtengo ndi lumo, nsalu yobiriwira kumutu.

"Alamu! Lero wapansi? Galimoto yadwala?"

Khomo linali limenelo, lotsegula kale. A Giyawani anangofunika kunena kuti wadwala ndine. Dzanja linafika pa thumba, linagwira kona ya envelopu.

"Ili ku galaja," anatero. "Ndimati... kodi duwa ili n'zingati?"

Anabwerera kunyumba atafungatira mphika wa duwa lachikasu lomwe dzina lake sankalidziwa.

Lachinayi anapitanso, n'kubwera ndi kamtengo ka mandimu. Sabata yotsatira anabwera ndi chomera china chaminga chimene mayiyo anati sichifuna madzi ambiri. Pa 28 ndalama yomaliza inapita monga mwa fomu, foni ya a Giyawani inalira kuwauza, ndipo tsiku lomwelo anabwera ndi mphika wachinayi. Mzime anaima pa khonde manja m'chiuno.

"Ababa, mwaletsa oda ya ku banki n'kutsegula ya maluwa? Iyi ndiye yodula kuposa ija!"

"Panali anthu ambiri."

"Ndi msika! Mukufuna pakhale ndani, angelo? Bweretsani kalatayo ndikapereke ndine. Mphindi ziwiri."

"Ayi. Ndinayamba ndekha, ndimaliza ndekha."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinu munandiphunzitsa."

Kalatayo inali itayamba kupindika m'makona chifukwa cha thukuta. Pena a Giyawani ankadzitonthoza kuti mwina n'zosafunika kwenikweni. Mwana anamaliza sukulu. Maluwa akuyenda malonda. Mwina ndalamayo inali yongowonjezera sopo ndi shuga, ndipo ikasiya kubwera mayiyo adzangogwedeza mutu n'kupitiriza kuthirira.

Pa 6 Juni anafika pa msika n'kupeza mayi wa maluwa akutonthoza mnzawo wogulitsa madengu, amene anali kulira mokwiya, pepala la ku ofesi ya msika lili m'manja. A Giyawani anaima kuseri kwa mbande za mapeyala, akunamizira kuyang'ana masamba.

"Masiku anayi okha kuchedwa, andilipiritsa chindapusa!" ankatero wa madengu. "Akuti ndikachedwanso kachiwiri malo apatsa wina. Pali anthu makumi atatu pa mndandanda akudikira."

"Ndinakuuzani, asisi, kasaineni ku banki kuti lendi izipita yokha," anatero mayi wa maluwa. "Ine chiyambire sindinachedwepo. Pali ndalama ina imalowa pa 28, lendi imatuluka pa 1. Akaunti imeneyo sindiikhudza, sindiyang'anamo n'komwe. Zamaluwazi zimathera m'manja: chakudya, manyowa, machubu. Koma malo ano ali ndi mlonda wake."

Ananena mawu omalizawo motsitsa, akumwetulira chitini chothirira.

A Giyawani anamva ngati aponda buleki n'kupeza phazi lalowa mpaka pansi. Anaona zonse mmene zidzayendere, mwadongosolo ngati mathileyi. Pa 28 sipadzalowa kanthu. Mayiyo sadzayang'ana, poti zaka zisanu ndi zinayi sizinawapatse chifukwa choyang'anira, ndipo uthenga umene sunabwere suliza foni. Pa 1 makina opanda manyazi aja adzayesa kudula lendi n'kupeza mulibe. Banki idzadula chindapusa chake, ofesi ya msika chake. Ndipo kakona aka ka pafupi ndi mpopi, kamene anthu makumi atatu akukalakalaka, kadzatsala ndi mwayi umodzi wokha. Zonsezi chifukwa bambo wina wamkulu, wa imvi zake, akuopa envelopu.

Anadikira wa madengu achoke. Mayi wa maluwa atawaona anaseka.

"Alamu, mwabweranso? Kwanuko mukutsegula nkhalango? Lero ndili ndi..."

"Lero sindigula."

Anavula chipewa. Anatulutsa kalatayo n'kuipereka ndi manja awiri, monga ankaperekera invoisi kwa eni masitolo akuluakulu.

"Ndakhala nayo masabata atatu. Ndimayenera kukupatsani kale. Ndapepesa. Muwerenge ndili pompano, kuti ngati pali funso ndiyankhe."

Mayiyo anapukuta manja pa epuloni, nakhala pa ndowa yovundikira, natsegula. Zilembozo zinali zazikulu moti a Giyawani anachita manyazi kuti mwina wa tomato akuwerenga nawo. Mayiyo anawerenga mpaka pansi, nabwereranso pamwamba. Mpopi unkadontha m'chitini, dontho limodzi limodzi.

"Maso?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Maso."

"Ndiye galimoto sinali ku galaja."

"Ili bwinobwino. Akuyendetsa mnyamata wina. Akuti amafika msanga."

"Ndi buledi wophwanyika." Anapinda kalatayo mosamala potsata mizere yake yakale. Kenako nkhope inasintha, ndipo a Giyawani anaona kuti akuwerengera masiku. "Pa 28 Juni. Lendi pa 1. Mayo ine." Anayang'ana mbande zawo mzere ndi mzere, ngati mayi wowerenga ana. "Masabata atatu ndi masiku angapo."

"Ndinamva zimene mumauza a madengu. Sindinkadziwa kuti ndi ya lendi. Ndikanadziwa..."

"Mukanatani? Mukanagula mphika wachisanu?"

A Giyawani anayang'ana nsapato zawo.

"Mwana atamaliza sukulu ndinafuna kukuuzani kuti musiye," anatero mayiyo. "Ndinavala bwino tsiku lina, kudikira galimoto. Munaliza hutala, ine n'kukweza chitini. Basi. Ndinalibe poyambira. Munthu ungauze bwanji mnzako kuti asiye chinthu chimene simunavomerezanepo kuti chilipo? Ndiye ndinangoti chikhale cha lendi, ndisachidye." Anaseka pang'ono, maso atanyowa. "Zaka zisanu ndi zinayi, alamu. Ngakhale zikomo sindinanenepo."

"Simunafunikire."

"Khalani chete, ndi nthawi yanga. Zikomo. Ya ndalama ija, zikomo. Koma ya pepala ili ndiye zikomo wamkulu. Mukanangozimiririka, ndikanakaima ku banki kukalalatira ana a eni osalakwa, kenako ndikanabwera kuno kumadzifunsa kuti ndinakulakwirani chiyani. Malo ndikanataya, ndi inu ndikanakutayani." Anaimirira, nakutumula epuloni. "Masabata atatu ndi ambiri. Pali sukulu ina yakhala ikundivutitsa kuti ndikabzale maluwa kutsogolo kwa ofesi, ine n'kumakana chifukwa chosowa wondikhalira pano. Mwana uja ndevu zake zigwire ntchito, akakumbe maenje. Zamaluwa ndiyamba kukaika ku banki Lachisanu lililonse. Ndipo mawa ndikayang'ane mu akauntimo ndi maso anga."

"Mukafunse mayi wa magalasi a tcheni. Ngati masiku akuthina, akhoza kukusunthirani tsiku la oda yanu, koma muyambe mwagwirizana ndi a ofesi ya msika, ndipo mupite masiku atatu ogwira ntchito lisanakwane."

"Taonani, mwasanduka a banki."

"Ndaphunzira mochedwa."

Mayiyo anawayang'ana kuchokera ku chipewa mpaka ku nsapato, jekete la maukwati m'dzuwa la masana.

"Kodi m'mawa mumatani masiku ano?"

"Ndimathirira miphika inayi."

"Chaminga chija musamachithirire tsiku lililonse, chivunda. Tamverani. Ndikapita kusukuluko pano pafunika munthu. Ndalama yambiri ndilibe. Koma pafunika munthu wosafulumira, woti mbande azinyamula ngati buledi."

A Giyawani anafuna kunena kuti mitengo yolembedwa pa timapepala sangaione, koma mayiyo anali atatola kale katoni n'kuwapatsa.

"Mulembe nokha mitengo. Ndi zilembo zanu zija. Ngakhale wa pa basi aziwerenga."

Masabata atatuwo anathamanga kuposa galimoto iliyonse imene a Giyawani anayendetsapo. Mayi wa maluwa ndi mwana wawo ankapita kusukulu kuja ndi wilibala, a Giyawani n'kutsala pakona atakhala pa ndowa yovundikira, akupatsa moni aliyense ngakhale osagula. Sabata yoyamba anagulitsa zochepa, poti ankauza makasitomala zoona zokhazokha, kuphatikizapo maluwa amene safuna dzuwa la pa khonde. Sabata yachiwiri makasitomala omwewo anabwerera ndi anzawo. Asukulu analipira theka, n'kunena kuti theka linalo adikire komiti ikumane. Lachisanu lomaliza mayiyo anabwera kuchokera ku banki ndi kalisiti, nakhala pansi.

"Yakwana?" anafunsa a Giyawani.

"Yakwana. Yatsala yogulira machesi."

Pa 28 Juni foni ya mayi wa maluwa inakhala chete tsiku lonse pa shelefu pakati pa machubu. Onse awiri ankadziwa tsikulo, ndipo kwa nthawi yoyamba analitchula.

"Lero ndi pa 28," anatero mayiyo, akuthira tiyi wa m'fulasiki m'makapu awiri.

"Ndi pa 28."

"Sinalire."

"Ndinakuuzani."

"Munandiuza." Anawapatsa kapu, ndipo zala zawo zinakhudzana kanthawi kotalikirapo kuposa mmene kapu ya tiyi imafunira. Wa madengu, amene ankaona zonse kuchokera kutsidya, anatsokomola mwadala.

Pa 1 Julayi, cha m'ma 9 koloko, foni inalira. Mayiyo anaiyang'ana n'kuwatembenuzira a Giyawani, kuiwala kuti tizilembo timeneto sangatione.

"Werengani ndinu, alamu."

"Lendi yapita. Palibe chindapusa."

A Giyawani anapuma mpweya umene ankaoneka kuti anausunga kuyambira tsiku la mbande za mapeyala. Anaimirira, natenga chitini, nayamba kuthirira mzere wa mandimu womwe anali atathirira kale.

Madzulo anafika kunyumba atafungatira mphika wina, wa duwa lofiira ngati aja olendewera pa waya. Mzime anawaona ali pa geti ndipo anaponya chisa pansi.

"Ababa! Wachisanu? Kalata ija munapereka mwezi watha!"

"Uwu sindinagule."

Mtsikanayo anayang'ana duwalo, nayang'ana bambo ake, amene mwadzidzidzi anali otanganidwa kwambiri kusuntha miphika inayi ija kuti wachisanu upeze malo pomwe dzuwa la m'mawa limafikira.

"Ndiye wakupatsani ndani?"

"Tabweretsa madzi, iwe."

"Zaka zisanu ndi zinayi pa giya wani," anatero mzime akulowa m'nyumba, mokweza kuti amve. "Koma mwafika."